Kupeza mwezi ndi chaka chimene mwana anabadwa pogwiritsa ntchito kalendala ya zochitika m'dera

Anthu amene angoyamba ntchito yopima ana kapena ya kalembera amandifunsa funso limodzi lomweli: mayi alibe setifiketi ya kubadwa ya mwana, khadi la kusikelo linatayika kapena linanyowa, tsiku salikumbukira, ndiye pa fomu tilembepo chiyani? Ambiri amangoyang'ana msinkhu wa mwanayo n'kulemba "zaka zitatu". Ndati ndilembe kamodzi njira yoyenera, kuti wofunsanso ndizingomupatsa awerenge.

Kalendala ya zochitika ndi pepala limene lili ndi miyezi yondandalikidwa kubwerera m'mbuyo, ndipo pambali pa mwezi uliwonse pamalembedwa zinthu zimene anthu a m'deralo amazikumbukira. Mayi akhoza kuiwala kuti kunali pa 12 Juni, koma saiwala ngati pa tsiku la chigumula anali ndi pakati kapena anali ndi mwana kumsana. Ntchito yanu ndi kusandutsa zimene akukumbukirazo kuti zikhale mwezi ndi chaka. Pano ndikamba za ana osakwana zaka zisanu, chifukwa kwa iwowa kuphonya ndi miyezi yochepa kumasintha zambiri. Pa matchati a kakulidwe ka ana a bungwe la WHO, mnyamata wa miyezi 36 amatchedwa wopinimbira ngati sakufika pafupifupi masentimita 89, pomwe wa miyezi 48 malire ake ndi pafupifupi masentimita 95. Mnyamata wa masentimita 92 ali bwinobwino mukamulemba zaka zitatu, koma ndi wopinimbira mukamulemba zinayi. Mwana ndi yemweyo, chasintha ndi cholembera chanu.

1. Yambani mwafufuza mapepala ena onse

Kalendala ndi ya pomwe zina zonse zakanika. Funsani khadi la kusikelo, buku la kuchipatala la mayi limene ankayendera ali oyembekezera, khadi la ubatizo, kapena kaundula wa mlangizi wa zaumoyo. Ngakhale tsiku lobadwa palibe, pamakhala madeti ena othandiza. Deti la katemera wa BCG limakuuzani kuti pofika tsikulo mwana anali atabadwa kale, ndipo kawirikawiri amakhala wa masiku kapena milungu yochepa. Chithunzi cha pafoni nachonso chimasunga tsiku limene chinajambulidwa, bola chikhale pa foni imene inajambulayo osati chochita kutumiziridwa.

Chenjerani ndi khadi limene linalembedwa mwana atakula kale. Mukaona pa 1 Januwale, kapena khadi latsopano la mwana woyenda, dziwani kuti mwina wolembayo nayenso anangoyerekeza. Deti lotere liyeseni ndi kalendala.

2. Konzani kalendala musanapite m'makomo

Jambulani mizere 61, wa mwezi uno ndi ya miyezi 60 ya m'mbuyo. Mzere uliwonse ukhale ndi dzina la mwezi ndi chaka, miyezi imene mwana wobadwa nthawiyo wakwanitsa lero, ndi malo awiri olembamo zochitika. Malo awiriwa musawasakanize, chifukwa amagwira ntchito zosiyana.

M'malo oyamba lembani zimene zimabwera chaka chilichonse: kuyamba kwa mvula, kubzala, kupalira, kukolola, nyengo yozizira, nyengo yotentha, kutsegulira ndi kutsekera kwa sukulu, masiku a chikondwerero. Izi zimathandiza kupeza mwezi. M'malo achiwiri lembani zimene zinachitika kamodzi kokha: chisankho, namondwe, kugumuka kwa mlatho, kukumbidwa kwa mjigo, imfa ya mfumu, kutsegulidwa kwa chipatala. Izi ndiye zimapeza chaka. Chaka chilichonse chikhale ndi zochitika zotere ziwiri kapena zitatu zotalikirana, kuti pasakhale miyezi isanu ndi umodzi yopanda kanthu.

Musalembe kalendalayi muli nokha mu ofesi. Khalani pansi ndi amayi a m'deralo, mlangizi wa zaumoyo, mphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Amayi akhale ochuluka, popeza ndi amene muzikawafunsa, ndipo zimene abambo amakumbukira, monga mpira ndi misonkhano ya ndale, si nthawi zonse zimene amayi amawerengera nazo nthawi. Chochitika chilichonse chilembedwe ndi dzina limene anthuwo amachitchula. Ngati amati "chaka chimene madzi analowa m'sukulu", lembani choncho, dzina la m'nyuzipepala likhale pambali. Kenako tsimikizani deti lake m'zolembedwa, kaya m'buku la sukulu, la mpingo kapena la mfumu. Chochitika chimene anthu akutsutsana za mwezi wake ndipo palibe pomwe chinalembedwa, chichotseni. Chimodzi cholakwika chimasocheretsa ana onse amene mudzawayesere pamenepo.

Pali mitundu iwiri ya zochitika imene imapusitsa. Woyamba ndi zinthu zimene zinatenga nthawi yaitali. Mayi akati mwana anabadwa "nthawi ya Kovidi", sanakuuzeni kanthu, chifukwa mliriwo unatenga zaka. Koma tsiku limene sukulu zinatsekedwa ndi lodziwika: ku Malawi kunali pa 23 Malichi 2020. Lembani chiyambi kapena mapeto a chinthucho, osati chinthu chonse. Wachiwiri ndi zikondwerero zimene zimasuntha. Pasaka inali pa 4 Epulo mu 2021, pa 17 Epulo mu 2022, pa 9 Epulo mu 2023, koma pa 31 Malichi mu 2024. Idi ya kumapeto kwa Ramadani imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse: inali pakati pa Meyi mu 2021, kumayambiriro kwa Meyi mu 2022, ndipo pofika 2024 inali cha pa 10 Epulo. Zoterezi muzilemba payekhapayekha pa chaka chilichonse.

Kalendala ya dera lina musaibwereke osaikonza. Mvula siyamba mwezi umodzi kulikonse, ndipo namondwe amene anagwetsa nyumba kwina anangodutsa ngati mvula wamba kwinaku.

3. Funsani munthu woyenera, ndipo musayambe ndi zaka

Wodziwa bwino ndi mayi womubereka. Ngati palibe, pezani amene analipo pa kubadwa kwake, kaya agogo kapena mchemwali wa mayiyo. Funso loti "mwanayu ali ndi zaka zingati?" lisiyeni kaye. Munthu akangotchula nambala, mayankho onse otsatira amawakhotetsa kuti agwirizane nayo, ndipo inunso mumayamba kufunafuna nambala yomweyo pa pepala. Komanso anthu sawerenga zaka mofanana. Wina amawerenga mvula zimene mwana waziona, wina amawerenga chaka chimene walowamo osati chimene wamaliza. Mwana wobadwa mu Disembala akhoza kutchedwa wa "chaka chachiwiri" mu Januwale, ali ndi mwezi umodzi.

Yambani ndi funso lotseguka: "Mayi, tandiuzeni, nthawi imene munachira ya mwanayu, kunja kuno kunali bwanji? Anthu ankagwira ntchito yanji?" Kwa amene simunazolowere, kuchira apa ndi kubereka. Mulekeni afotokoze, inu muzilemba.

4. Pezani chaka pomutsekera mwana pakati pa zochitika ziwiri

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo ndikhalapo pang'ono. Mayi akati "ndinachira anthu akukolola", wofunsa amasangalala, n'kuloza mwezi wokolola umene uli pafupi ndi zaka zimene iye akuganiza poona msinkhu wa mwanayo. Koma pa kalendala ya miyezi 60 pali nyengo zokolola zisanu. Mukasankha molingana ndi msinkhu, mwana wopinimbira mumupatsa chaka cha mwana wamng'ono, ndipo kupinimbirako kubisika. Mwezi mwaupeza, koma mwaphonya ndi miyezi 12 yathunthu.

Chaka chimapezeka ndi zochitika za kamodzi zija. Pa chochitika chilichonse funso ndi limodzi: pa tsikulo mwanayu anali atabadwa, kapena ayi? Mukufuna ziwiri, china chimene mayi akunenetsa kuti mwana anali asanabadwe, china chimene akunenetsa kuti analipo. Kubadwa kuli pakati pa ziwirizo. Kenako mumasankha chochitika china chapakati, n'kufunsanso, mpata uja n'kumachepa, ngati mmene mumatsekera mbuzi pakona ya khola.

Mafunsidwe ake ndi ofunika. Musanene kuti "anabadwa namondwe atadutsa, eti?" Munthu waulemu amavomera mlendo ngakhale sakukumbukira. Funsani za iye mwini pa tsikulo: munali kuti, munathawira kuti, munanyamula ndani, munali ndi pakati kapena ayi. Zimene thupi lake linakumana nazo ndi zimene amazikumbukira bwino.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza, koma madeti a anamondwe ndi a Pasaka ndi enieni. Tinene kuti lero ndi pa 20 Malichi 2025, muli m'dera limene linakhudzidwa ndi anamondwe a Ana kumapeto kwa Januwale 2022, Gombe mu Malichi 2022, ndi Freddy pakati pa Malichi 2023. Khadi la mnyamata linapita ndi madzi. Agogo ake akuti ali ndi zaka zinayi. Mayi ake akuti "ndi wa nthawi ya namondwe".

Mukangomva mawu amenewo n'kulemba Malichi 2023, poti Freddy ndiye wotchuka, mwanayo mumupatsa miyezi 24. Mukamvera agogo mumupatsa 48. Funsani bwino.

"Mayi, pamene madzi analowa m'sukulu muja, inu munali kuti?"

"Tinathawira kutchalitchi usiku."

"Mwanayu analipo?"

"Ee, ndinamubereka kumbuyo. Kutchalitchiko ankavuta, ankangokwawira anthu."

Pa kalendala yanu, madzi analowa m'sukulu ndi Freddy. Ndiye pofika Malichi 2023 mwana analipo, ndipo ankakwawa. Mpanda umodzi mwaupeza. Tsopano bwererani m'mbuyo.

"Nanga chaka chinacho, mphepo ija inasasula madenga mu Januwale, magetsi n'kuzima masiku angapo?"

"Pamenepo ndinali ndi pakati. Mimba inali itangoyamba kuoneka."

Ameneyo ndi Ana. Mpanda wachiwiri wapezeka: mwana anabadwa pakati pa kumapeto kwa Januwale 2022 ndi Malichi 2023. Ndipo popeza mayi anali kale ndi pakati mu Januwale 2022, kubadwako sikungapitirire Okutobala chaka chomwecho. Chaka ndi 2022. Zaka zinayi za agogo zija mwina zachokera powerenga 2022, 2023, 2024 ndi 2025.

Taonani kuti funso la Gombe silikanawonjezera zambiri, chifukwa ali pafupi kwambiri ndi Ana ndipo anthu amawasakaniza. Zochitika zofanana zikayandikana chonchi, zisiyanitseni ndi zimene zinawononga m'deralo, osati ndi maina ake. Ndi chifukwa chake pa sitepe yachiwiri ndinati mulembe mmene eni dera amazitchulira.

5. Chepetsani mpata mpaka mufike pa mwezi

Tsopano zochitika za chaka ndi chaka zikugwira ntchito, chifukwa mukudziwa kuti mukukamba za 2022 yokha.

"Pasaka ya chaka chimenecho munapita kutchalitchi ndi mwana?"

"Ayi, ndinali ndisanachire."

Ndiye ndi pambuyo pa 17 Epulo. Pa kalendala yanu palinso maliro a mfumu, amene buku la kwa mfumu likusonyeza kuti anachitika sabata yomaliza ya Meyi 2022.

"Kumaliro a mfumu munapitako?"

"Ndinapita koma sindinakhalitse, ndinali nditatopa, masiku anali atayandikira."

"Nanga pa 6 Julayi?"

"Analipo, kakhanda. Kunkazizira kwambiri, sindinkatuluka naye m'mawa."

Kumapeto kwa Meyi anali asanabadwe, kumayambiriro kwa Julayi analipo. Mwezi ndi Juni 2022.

Sikuti nthawi zonse zimatha mwaukhondo chonchi. Kawirikawiri mumatsala ndi miyezi iwiri yoyandikana, monga Meyi ndi Juni, ndipo mayi sangathe kusiyanitsa. Yesani kaye njira ya mwana mnzake: kodi pali mwana wapafupi amene ali ndi khadi, amene anabadwa nthawi yomweyo? Amayi amakumbukira bwino amene anachira poyamba pakati pa iwo ndi mnzawo, ndiponso ngati panadutsa masiku kapena milungu. Zikakanika, lembani miyezi iwiriyo pa timapepala, mupinde, wina atole kamodzi. Zikuoneka ngati masewera, koma ndi zabwino kuposa kusankha nokha, chifukwa wofunsa akamasankha amakokera ku nambala zozungulira, 12, 24, 36, 48. Pa mwana mmodzi maere akhoza kuphonya ndi mwezi umodzi, koma pa ana ambiri sakokera mbali imodzi.

Ngati mpata watsala woposa miyezi itatu, musachite maere. Pezani wina wa m'banjamo amene angawonjezere, kapena lembani kuti mwezi sukudziwika.

6. Yesani yankho lanu ndi zina zimene mwamva

Bwererani pa zimene mayi ananena mongodutsa. Kumapeto kwa Januwale mimba inali itangoyamba kuoneka, ndiye kuti inali ya miyezi inayi kapena isanu. Onjezerani miyezi yotsalayo, mufika cha mu Juni. Pa nthawi ya Freddy, mwana wobadwa mu Juni 2022 anali ndi miyezi 9, ndipo mwana wa miyezi 9 amakwawadi. Zonse zikugwirizana. Mayi akananena kuti pa Freddy mwanayo ankathamanga ndi kulankhula, mukanadziwa kuti penapake mwasokoneza, mwina mayiyo akukamba za mkulu wake wa mwanayu. Zimachitika kawirikawiri m'banja la ana obadwa motsatizana, choncho tchulani dzina la mwana pa funso lililonse. Ngati mkulu wake kapena mng'ono wake ali ndi khadi, onani ngati mpata wa pakati pawo ndi wotheka: ana awiri a mayi mmodzi, osakhala mapasa, sangasiyane miyezi isanu.

Thupi la mwana limathandiza kugwira zolakwika zazikulu zokha. Dzino loyamba limamera cha pa miyezi 6, ndipo mano onse 20 a ubwana amakhala atakwana pofika zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu. Ana ambiri amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 9 ndi 18. Mano a ubwana amayamba kuguluka cha pa zaka 6, ndiye mwana wa magweru amene kalendala ikuti ali ndi zaka zinayi mufunsenso. Koma mipata imeneyi ndi yaikulu, ndipo mwana wonyentchera amachedwa pa zambiri. Musasinthe mwezi umene mwaupeza chifukwa choti mwana "akuoneka wamng'ono". Mwina kuchepako ndi kumene mwabwera kudzapeza.

Pali chinanso chimene sitikonda kuchitchula. Ngati anthu amva kuti thandizo likuperekedwa kwa ana osakwana zaka zisanu, ana a zaka zisanu ndi chimodzi amasanduka a zinayi. Si zoti mukalipire munthu. Ingokhalani ndi chochitika champhamvu pamalire penipeni. Mu chitsanzo chathu cha Malichi 2025 zinangokhala bwino, popeza kutsekedwa kwa sukulu mu Malichi 2020 kuli ndendende miyezi 60 m'mbuyo. Mwana amene anali kale m'manja sukulu zikutsekedwa wapyola malire.

7. Werengani miyezi yokwanira, n'kulemba moona

Tsiku lenileni silipezeka ndi kalendala. Pa kafukufuku wa kakulidwe ka ana, chizolowezi ndi kulemba pa 15, pakati pa mwezi, kuti kuphonyako kusapitirire milungu iwiri mbali iliyonse. Ngati fomu yanu ili ndi lamulo lina, tsatani limenelo. Kwa mnyamata wathu tilemba 15 Juni 2022.

Kuchokera 2022 kufika 2025 ndi zaka zitatu, miyezi 36. Koma Malichi ali m'mbuyo mwa Juni ndi miyezi itatu, ndiye chotsanipo itatu, yatsala 33. Pomaliza yang'anani tsiku: lero ndi pa 20, tadutsa pa 15, choncho mwezi wa 33 wakwanira. Kukanakhala pa 10 Malichi, bwenzi ili miyezi 32. Timawerenga miyezi imene mwana wamaliza, osati umene walowamo. Kumbukiraninso kuti mzere wa miyezi pa kalendala yanu umatha ntchito mwezi ukasintha. Ntchito ikalowa mu Epulo, nambala zonse zionjezereni imodzi, apo ayi ana onse a mwezi umenewo muwachepetsera msinkhu.

Pa fomu sonyezani kuti detilo ndi loyerekeza, ndipo lembani zochitika ziwiri zimene munatsekera nazo, mwachitsanzo "maliro a mfumu atachitika, 6 Julayi isanafike, 2022". Wobwera m'mbuyo mwanu adzatha kuyesanso, ndipo khadi lenileni likadzapezeka adzadziwa kuti akhoza kusintha. Woyang'anira gulu madzulo aliwonse aziwerenga ana amene alembedwa pa mwezi uliwonse. Akaona mulu pa 24 ndi 36, pomwe pa 23, 25, 35 ndi 37 pali mbee, ndiye kuti kalendala ili m'chikwama ndipo anthu akungosandutsa zaka kukhala miyezi.

Deti lopezeka motere si setifiketi. Limathandiza popima mwana, pokonza katemera amene anatsalira, ndi pa kalembera. Banja likafuna chiphaso cha boma, ofesi yolembetsa kubadwa ili ndi zofuna zake, monga mboni kapena kalata, ndipo zimene mwalembazo zingokhala poyambira. Langizani mayi kuti deti limeneli alisunge ndipo azitchula lomwelo kulikonse, chifukwa mwana wokhala ndi madeti atatu osiyana, kusikelo, kusukulu ndi pa chiphaso, amadzavutika pa nthawi ya mayeso.

8. Ngati ndi munthu wamkulu

Njira ndi yomweyo, koma mizere ya kalendala imakhala ya zaka osati miyezi, ndipo amene analipo pa kubadwa kwake mwina kulibenso. Munthu sakumbukira kubadwa kwake, choncho funsani chochitika choyamba chimene akuchikumbukira ndi maso ake, ndi zimene ankachita nthawiyo. Ku Malawi zikhomo zodziwika ndi monga njala ya 1949, ufulu wa pa 6 Julayi 1964, riferendamu ya Juni 1993, kadamsana wa pa 21 Juni 2001 ndi njala ya 2002. Gogo amene akuti pa ufulu anali atangoguluka mano akutsogolo anali ndi zaka 6 kapena 7, ndiye anabadwa cha mu 1957 kapena 1958. Kwa amayi, yesaninso ndi msinkhu wa mwana wawo woyamba ngati ali ndi chiphaso: mukapeza kuti mayi ndi mwana akusiyana zaka 10, chimodzi mwa ziwirizo chalakwika. Pa akuluakulu yembekezerani kuphonya ndi zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pa fomu lembani chaka chokha, mwezi ndi tsiku muzisiye monga mwa lamulo la fomuyo.